Lorazepamu kapena haloperidolo ndi purometazini: tibaye uti wodwala akalusa?

Anamwino anzanga ogwira ntchito m'zipatala za kuno ku Joni amandifunsa kawirikawiri kuti pa majekeseni awiri okhazika mtima pansi wodwala wolusa, wabwino ndi uti. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a chaka cha 2015 amalola onse awiri kwa munthu wamkulu: lorazepamu yekha, kapena haloperidolo pamodzi ndi purometazini, onse obaya m'mnofu. Ine ndimayankha kuti kusankha kumatengera chimene tikuopa kwambiri mwa wodwala amene ali patsogolo pathu, kapumidwe kake kapena mtima wake.

Lorazepamu, amene timabaya miligalamu 1 kapena 2, sasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo saumitsa minofu, nchifukwa chake ndiye woyenera pamene sitikudziwa mbiri ya wodwala, kapena pamene sanalandirepo mankhwala a matenda a maganizo. Kuipa kwake nkwakuti amafooketsa kupuma, makamaka mwa munthu amene wamwa mowa, wokalamba, kapena wodwala m'mapapo. Amafunanso kusungidwa mufiriji, ndipo wodi imene imamugwiritsa ntchito iyenera kukhala ndi fulumazenilo, mankhwala othetsa mphamvu yake.

Haloperidolo wa miligalamu 5 ndi purometazini wa miligalamu 25 mpaka 50 amathandiza bwino munthu amene akumva mawu kapena kuona zinthu zomwe palibe, ndipo safooketsa kupuma ngati mmene amachitira lorazepamu. Purometazini amagonetsa komanso amachepetsa vuto la kuuma kwa minofu lobwera ndi haloperidolo, limene limapotoza khosi, kutembenuzira maso m'mwamba ndi kuumitsa lilime, makamaka mwa anyamata. Choopsa chili pa mtima: mankhwalawa amatha kusokoneza kagundidwe kake potalikitsa gawo lotchedwa QT pa ECG, chojambula cha kagundidwe ka mtima, ndipo malangizo aja amanena momveka kuti ngati wodwala ali ndi matenda a mtima, kapena ECG sinajambulidwe, tiwapewe. Tonse tikudziwa kuti munthu amene akuponya mipando salola kumatidwa mawaya pachifuwa, choncho lamuloli lokha limagamula nkhani kawirikawiri.

Usiku wina wa Loweruka anabwera naye mnyamata wa kwathu, wosoka zovala ku Fordsburg, akukuwa, manja akutuluka magazi, akununkha mowa. Alonda anayi anamuzungulira, ndipo iye ankangolusiralusira. Ndinapempha kuti atatu atuluke, ndinaima chapambali patali pang'ono, manja anga akuonekera, khomo lili lotseguka kwa tonse awiri, ndipo ndinamulankhula m'Chichewa. "Achimwene, ine ndine namwino, palibe amene akumenyeni muno. Chikukuopsani nchiyani?" Anatsitsa mapewa, nandiuza kuti pali anthu amene akumutsatira. Analola kuti ndimuyeze shuga pachala, chinthu chimene sitiyenera kudumpha, popeza shuga wotsika, kuvulala m'mutu ndi kuchepa kwa mpweya m'magazi zimatha kumulusitsa munthu mofanana ndi misala. Shuga anali bwino. Ndinamupatsa mwayi womwa piritsi, koma anakana, ndipo posakhalitsa anayamba kumenyetsa mutu kukhoma.

Apa mankhwala onse awiri anali ndi vuto lake. ECG panalibe ndipo mbiri yake sitinkaidziwa, zomwe zinatsekera haloperidolo njira, koma mowa unkachititsa lorazepamu kukhala woopsa. Adokotala analamula lorazepamu wa miligalamu 1 yokha, ndipo ine ndimaona kuti anagamula bwino, chifukwa kupuma tingathe kukuwerenga ndi maso nkuchitapo kanthu msanga, pamene kusokonekera kwa mtima kumabwera mosachenjeza. Tinamugwira kanthawi kochepa, osamugoneka chafufumimba kapena kumupanikiza pachifuwa, ndipo tinamuuza dzina la mankhwala tisanabaye.

Jekeseni akalowa mpamene ntchito yeniyeni imayamba. Malangizo amafuna kuti tiyeze kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, kapumidwe, kutentha kwa thupi, madzi m'thupi ndi kutsitsimuka kwa wodwala kamodzi pa ola lililonse, koma mphindi 15 zilizonse ngati wagona, wamwa mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ali ndi matenda ena a m'thupi, wavulala pomugwira, kapena mlingo wapitirira malire. Mnyamatayu anagona patapita mphindi 40, ndipo tinamugoneka chammbali, kachipangizo koyeza mpweya kali pachala. Pa ola loyamba ankapuma ka 14 pa mphindi, kenako ka 12, ndipo anayamba kuliza mkonono. Ambiri amamva mkonono nkuganiza kuti wodwala wapeza mpumulo, pamene nthawi zina ndi chizindikiro chakuti njira ya mpweya ikutsekeka. Ndinamukweza chibwano, ndinamuitana dzina, ndipo anatsegula maso nkung'ung'udza. Akanatsika pansi pa 10, tikanamupatsa okosijeni, kuitana adokotala msanga ndi kukonza fulumazenilo, ngakhale kuti mankhwalawa amatha kuyambitsa khunyu mwa munthu wozolowera mapiritsi ogonetsa a gulu la lorazepamu. Sanafike pamenepo, ndipo tinapitiriza kulemba mphindi 15 zilizonse mpaka pamene anadzuka m'bandakucha nkupempha madzi akumwa.