Penti woyera, ubweya wa m'siling'i kapena mthunzi: muyambe ndi chiti nyumba ikamatentha?

Anzanga akhala akundifunsa funso limodzimodzi nyengo yotentha ikafika: kodi tipake denga penti, tiyale ubweya wa galasi, womwe ndi timaulusi ta galasi totchinga kutentha, m'siling'i, kapena titchinge dzuwa pamazenera? Ndimayamba ndawafunsa ngati nyumbayo ili ndi siling'i komanso ngati ili ndi zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo. Yankho lonse lagona pa zinthu ziwirizi.

Tiyerekeze nyumba ya denga la malata akuda, lalikulu masikweya mita 60. Dzuwa likakhala paliwombo kulibe mitambo, sikweya mita iliyonse imalandira mphamvu pafupifupi mawati 1,000. Lata lakuda limameza pafupifupi zonsezo, ndipo limatha kutentha kufika madigiri 70. M'nyumba mukakhala madigiri 30 ndipo mulibe siling'i, sikweya mita iliyonse ya latalo imakuthirani mawati oposa 200 pamutu. Denga lonse ndiye kuti ndi mawati oposa 12,000. Fani ingapukuse bwanji, apa sichita kanthu.

Mukapaka penti woyera mbee, denga lomwelo limabweza pafupifupi 80 peresenti ya dzuwa, ndipo kutentha kwa lata kumathera cha m'ma madigiri 45. Kutentha kolowa m'nyumba kumatsika ndi kuposa theka, ndipo mumamva kusinthako tsiku lomwe penti waumira. Pa nyumba yopanda siling'i, palibe njira ina yachangu kuposa imeneyi. Mpaka apa ndilibe naye mlandu penti.

Mlandu wanga uli ndi zimene ogulitsa sanena. Choyamba, kuyera kuja sikukhalitsa. Fumbi, mwaye ndi ndere zikayamba kumata, 80 uja amatsikira cha m'ma 60 pasanathe zaka zitatu, ndipo kutsika kwakukulu kumachitika m'chaka choyamba. Kutsuka kumabwezeretsa mbali yaikulu, koma ndani amakwera padenga chaka ndi chaka ndi bulashi ndi ndowa? Denga losatsetsereka kwenikweni ndiye limada msanga, chifukwa mvula siikokolola litsiro.

Chachiwiri ndi ntchito yokonza lata musanapake. Lata liyenera kutsukidwa mafuta, dzimbiri lipalidwe, kenako lipakidwe pulayima, penti woyambira wogwirizana ndi malata. Wopenta akadumpha zimenezi, penti amayamba kusupuka m'mizere ya lata ndi mozungulira misomali, moti mukakanda ndi chikhadabo amachoka ngati chikamba. Mtengo umene amakutchulirani nthawi zambiri umakhala wa chitini chokha. Pulayima, kupala dzimbiri ndi kupakanso patapita zaka mumazazimva kale ntchito ili mkati.

Koma chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi penti wodula uja amene amati muli timikanda ta selamiki totchinga kutentha ngati mmene ubweya umachitira. Wogulitsa wina anandiumiriza kuti ndikapaka ameneyu, za m'siling'i ndiiwale. Taganizani: penti akauma, kukhuthala kwake sikupitirira theka la milimita. Ngakhale atakhala wotchinga bwino mofanana ndi ubweya wa galasi, ubweya wa masentimita 10 ndi wokhuthala kuwirikiza ka 200. Chimene chimagwira ntchito mu penti ameneyu ndi kuyera kwake basi, ndipo kuyera kumapezekanso mu penti wa denga wamba. Ngati mukufuna kuyerekeza zitini ziwiri, funsani kuti penti aliyense amabweza dzuwa lochuluka bwanji atakhala padenga zaka zitatu. Wa siliva musamuthamangire: amanyezimira ndithu, koma sataya msanga kutentha kumene wameza, choncho lata limatentha kuposa lopakidwa woyera.

Tsopano ubweya wa galasi, umene ine ndimaukonda ndipo sindibisa. Mukauyala pamwamba pa siling'i mokhuthala masentimita 10, mphamvu yake yotchinga, imene pa paketi amailemba ndi chilembo R, imakhala pafupifupi 2.5. Masamu ake ndi osavuta: tengani kusiyana kwa kutentha pakati pa denga ndi chipinda, mugawe ndi R. Pa nyumba yathu ija, 70 kuchotsa 30 ndi 40, kugawa ndi 2.5 tipeza mawati 16 pa sikweya mita. Denga lonse lija latsika kuchoka pa mawati oposa 12,000 kufika pafupifupi 1,000, ndipo fumbi la kunja silisintha nambala imeneyi.

Onani tsono chimene chimachitika mukapakanso penti pamwamba pa denga lokhala ndi ubweya. Kusiyana kumakhala madigiri 15, kugawa ndi 2.5, mawati 6. Mwapulumutsa mawati 10 okha pa sikweya mita, pomwe penti yemweyo pa denga lopanda siling'i amapulumutsa oposa 100. Phindu la njira ziwirizi siliphatikizana mmene anthu amaganizira. Yoyamba kuikidwa imatenga phindu lalikulu, yachiwiri imatola zotsala.

Ubweya nawo uli ndi zake. Umafuna siling'i yolimba, ndipo ukanyowa ndi denga lodontha kapena ukapanikizika, mphamvu yake imachepa. Oyala akasiya mipata m'mphepete mwa makoma ndi pakati pa mitanda, kutentha kumadutsa pomwepo. Yendetsani dzanja pa siling'i masana, malo ofunda ndi amene anasiyidwa. Komanso ubweya sumasankha mbali: kutentha kumene kwalowera pazenera masana sikutulukiranso kudenga usiku. Mukapanda kutsegula mazenera kunja kukazizira, mudzagona thukuta lili kamukamu n'kumanena kuti ubweya ndi bodza. Pepala lonyezimira la aluminiyamu loika pansi pa denga limathandiza, koma pokhapokha mbali yonyezimira itayang'anizana ndi mpata wa mpweya wa masentimita osachepera awiri ndi theka. Likagundana ndi lata kapena likakutidwa ndi fumbi, mwataya ndalama.

Mthunzi suchita mpikisano ndi ziwirizi kwenikweni, chifukwa nkhondo yake ili pamazenera. Galasi wamba amalowetsa pafupifupi 80 peresenti ya kutentha kwa dzuwa. Zenera la masikweya mita awiri loyang'ana kumadzulo, cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana, limalowetsa mawati pafupifupi 1,000, ngati mwayatsa ayironi n'kuisiya pabalaza. Zenera limodzi limeneli likufanana ndi denga lonse lija loyalidwa ubweya. N'chifukwa chake munthu amatha kuwononga ndalama padenga koma chipinda chakumadzulo n'kumawotchabe.

Chotchinga chiyenera kukhala kunja kwa galasi. Katani ili mkati imagwira dzuwa litalowa kale, ndipo kutentha kochuluka kumatsalira m'chipinda momwemo. Kadenga ka pamwamba pa zenera kamatchinga dzuwa la pamutu, koma lakumadzulo limabwera chammbali n'kudutsa pansi pake. Kumeneko pamafunika chotchinga choimirira, monga timatabwa topendekera, nsalu yolimba yokoka kuchokera kunja, kapena zomera zoyanga pa waya. Mtengo ndi wabwino koposa, kungoti muudikira zaka, ndipo mizu ndi masamba ake zimafuna kuti ukhale patali ndi khoma.

Ndiye anzanga aja ndimawauza chonchi. Ngati mulibe siling'i ndipo simuika posachedwa, pakani penti woyera wamba, ndipo mulimbikire pa pulayima. Ngati siling'i ilipo, tchingani kaye mazenera akumadzulo ndi akum'mawa chifukwa ndi zotchipa, kenako yalani ubweya. Penti abwere pomaliza, nthawi imene denga lafuna kale kupentedwa chifukwa cha dzimbiri, ndipo pamenepo mungosankha woyera m'malo mwa wakuda. Amene akufuna kugula makina oziziritsa mpweya adikire zonsezi zithe, chifukwa adzafunika makina aang'ono kuposa amene akanagula lero.