FTMO kapena Topstep: malire okhazikika ndi malire okutsatira pambuyo

Makampani onsewa amakugulitsani mayeso ochita malonda pa misika ya zachuma ya pa intaneti. Mumalipira, n'kupatsidwa akaunti yoyeserera, ndipo mukapanga phindu lomwe akufuna osaphwanya malamulo awo, mumayamba kugawana nawo zomwe mwapindula. Ambiri posankha amangoyang'ana mtengo wolowera, koma kusiyana kwenikweni kuli pa malire a ndalama zomwe mungaluze.

Titenge akaunti ya $50,000 mbali zonse ziwiri.

FTMO, ya ku Prague, imadziwika ndi mayeso a magawo awiri. Pa gawo loyamba mupange 10 peresenti, yomwe ndi $5,000, pa lachiwiri $2,500. Musaluze kuposa $2,500 pa tsiku, ndipo akaunti isatsike kupitirira $45,000. Malire a $45,000 amenewa sasuntha, ngakhale mupindule bwanji. Chomwe chimagwetsa anthu kuno ndi malire a pa tsiku, chifukwa amawerengera ndi malonda omwe simunatseke. Mtengo ukatsika kwa kamphindi n'kudutsa malirewo, mayeso athera pomwepo, ngakhale utakweranso pambuyo pake.

Topstep, ya ku Chicago, imaoneka yopepukirapo: gawo ndi limodzi, phindu lofunika ndi $3,000 basi. Koma mungaluze $2,000 yokha, ndipo malirewo amakutsatirani. Poyamba ali pa $48,000. Mukatseka tsiku muli pa $51,500, amakwera kufika pa $49,500, ndipo sabwereranso pansi. Masiku awiri otsatira mukaluza $2,000, mwatuluka, chonsecho mwangotsika ndi $500 kuchokera pomwe munayambira. Ku FTMO, munthu amene ali pa $49,500 akadali ndi mpata wa $4,500. Malire otsatirawa amaima akafika pa $50,000, koma kuti mufike pamenepo muyenera kudutsa masiku oyamba osabwerera m'mbuyo kwambiri.

N'chifukwa chake ine sindiwerengera $50,000 yomwe imalembedwa m'zilembo zikuluzikulu ija. Ndalama yomwe mukugwiritsadi ntchito ndi $5,000 ku FTMO, $2,000 ku Topstep. Amene amaika 1 peresenti ya akaunti pa malonda amodzi, $500, ku Topstep amatha akangoluza kanayi motsatizana.

Kalipiridwe nakonso n'kosiyana. FTMO mumalipira kamodzi, ndipo ndalamayo imabwezedwa pokhapokha mukapambana n'kulandira phindu loyamba. Topstep mumalipira mwezi ndi mwezi mpaka mutapambana, choncho wochita mwachifatse amalipira kambiri, ndipo zimenezi zimamukankhira kuthamanga. Konseku, mukalephera ndalama yapita, ndipo chiyeso cholipiranso tsiku lomwelo n'chachikulu.

Kwa munthu amene malonda ake amakwera n'kutsika kwambiri asanabale phindu, ndingasankhe malire okhazikika. Otsatira aja amayenera amene amatseka malonda msanga ndi kuika pang'ono. Musanalipire, werengani malamulo a tsiku limenelo, poti amasintha, ndipo kumbukirani kuti makampani angapo a mtundu umenewu anatseka mu 2024 anthu asanalandire phindu lawo.