Miyezi isanu ndi itatu chikonzereni wotchi ya Ubuntu wa mu VirtualBox

"Achimwene, wotchi ija idasiyadi kutsalira mukatseka laputopu, kapena mudangoizolowera?" wina adandifunsa choncho.

Idasiyadi, koma ndidachedwa kuzindikira pamene panali pogona nkhani. Laputopu yanga ndi ya Windows, ndipo mkati mwake ndimayendetsa Ubuntu 22.04 mu VirtualBox, momwe ndimayeseramo pulogalamu ya ku ntchito yolowera ndi manambala asanu ndi limodzi aja osintha pa masekondi 30 aliwonse. Ndikatseka chivundikiro, VirtualBox amamuimitsa Ubuntu, wotchi yake n'kuimanso. Akadzuka amapitiriza kuwerenga pamene adalekezera, ngati kuti sipanachitike kanthu.

Chomwe chidandizunguza mutu masabata oyamba n'chakuti laputopu ikagona usiku wonse, m'mawa nthawi imakhala bwinobwino. Koma ndikangoitseka pang'ono kuti ndikagule chiwaya pamsewu, pobwera manambala onse akukanidwa. Tsiku lina ndidayang'ana dala. Foni ikuti 12:47, `date` mu Ubuntu akuti 12:35. Madzulo ndikuweruka, mphindi 12 zija zidali zikadalipo.

Chifukwa chake chili mu VBoxService, kapulogalamu kobwera ndi Guest Additions, mapulogalamu a VirtualBox oikidwa mkati mwa Ubuntu. Pa masekondi 10 aliwonse kamafanizira wotchi ya mkati ndi ya laputopu. Kusiyana kukaposa mphindi 20, kamalumphitsa wotchi nthawi yomweyo. Kukachepera apo, kamangoikankha pang'onopang'ono, ndipo pa Linux kukankhako sikupitirira theka la milisekondi pa sekondi imodzi. Werengani nokha: mphindi 12 ndi masekondi 720, ndiye pa liwiro la kamba limeneli pafunika masiku pafupifupi 17. Tulo tatitali timadzichiza tokha, tatifupi ndi tomwe timapweteka.

Mankhwala ake ndi kutsitsa malire aja. Pa laputopu, osati mkati mwa Ubuntu, ndidalemba izi:

```
VBoxManage guestproperty set "ubuntu-ntchito" "/VirtualBox/GuestAdd/VBoxService/--timesync-set-threshold" 10000
```

`ubuntu-ntchito` ndi dzina la Ubuntu wanga mu VirtualBox. Nambalayo ili m'mamilisekondi, choncho 10000 ndi masekondi 10. Apa ndidapunthwa kamodzi. Ndidayesa pompo, osaona kusintha, n'kuganiza kuti lamulolo ndi labodza. Kungoti VBoxService amawerenga zimenezi poyamba ntchito basi. Nditazimitsa ndi kuyatsanso Ubuntu, zidatheka. Tsopano ndikatsegula chivundikiro, ndisanamalize n'kukhala pampando bwino, wotchi yalumpha kale.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangodalira systemd-timesyncd, wokonza wotchi yemwe amabwera kale ndi Ubuntu 22.04. Iyeyu amafuna intaneti, ndipo ine nthawi zambiri ndimagwira ntchito bando itatha. Ngakhale intaneti ilipo, zinthu zikakhazikika amatha kudikira masekondi 2048, mphindi 34, asanafunsenso nthawi. Ndidamuzimitsa ndi `sudo timedatectl set-ntp false`, kuti wotchi imodzi isakhale ndi mabwana awiri, wina akukokera ku nthawi ya laputopu, wina ku ya pa intaneti.

Mnzanga wa ku ntchito adasankha njira ina, ya chrony, pulogalamu inanso yotenga nthawi pa intaneti, ndipo adagwa m'dzenje lofanana ndi langa. Mu `chrony.conf` mumabwera mzere wa `makestep 1 3`, wolola kulumpha katatu koyamba kokha chrony akangoyamba. Pambuyo pake ndi kukankha basi, ngakhale iyeyu amafulumirapo: mphindi 12 amazibweza m'maola awiri ndi theka kapena kuposerapo. Atalemba `makestep 1 -1` vuto lidatha. Kwa amene intaneti siimuthera, njirayi ndi yabwino, ndipo `chronyc tracking` amakuonetsa masekondi omwe watsalira.

Pa miyezi yonseyi zandivuta kawiri. Koyamba wotchi ya Windows yeniyeniyo idatsogola ndi mphindi ziwiri, Ubuntu n'kutengera bodzalo mokhulupirika. Ndidataya ola lathunthu ndikufufuza mkati, chonsecho wolakwa ali panja. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndafanizira laputopu ndi foni. Kachiwiri padali patabwera kenelo yatsopano, Guest Additions osayamba, kutsalira kuja n'kubwerera mwakachetechete. `systemctl status vboxadd-service` adaonetsa kuti wagwa, ndipo nditaikanso Guest Additions zidalongosoka.

Palinso china chomwe sichikhudzana ndi tulo. Mukaona kusiyana kwa maola awiri enieni, osaonjeza kapena kuchotsa mphindi, musavutike ndi zonsezi. Ubuntu akungoonetsa UTC pomwe kwathu kuno tili patsogolo ndi maola awiri, ndipo `sudo timedatectl set-timezone Africa/Blantyre` amathana nazo.

Pa seva yosunga deta ya anthu sindingaike malire otsika chonchi, chifukwa tsiku lomwe wotchi ya laputopu kapena ya makina aakulu yabwezedwa, ya mkati idzalumphiranso m'mbuyo, zolembedwa n'kusokonekera ndondomeko. Pa makina anga oyeserawa, 10000 uja sindidamukhudzenso.