Ndemanga: pulogalamu yosintha mitengo ya zipinda, chaka chimodzi pa loji yathu ku Chipata

Tili ndi loji ya zipinda 12 kuno ku Chipata, ine ndi amuna anga. Kwa zaka zambiri mtengo wathu unali umodzi, K500 pa usiku, kaya ndi m'dzinja, kaya ndi m'chilimwe, kaya ndi Lachiwiri kapena Lamulungu. Mu Okutobala chaka chatha tinalembetsa pulogalamu yosungira mabuking'i yomwe imathanso kukweza ndi kutsitsa mtengo yokha, motsatira malamulo amene mwini loji waikamo. Timalipira K650 pa mwezi. Ndikulemba izi chifukwa anzanga awiri, wina wa ku Katete wina wa ku Lundazi, akhala akundifunsa ngati ndalamayo ikubwerera. Ikubwerera ndithu, koma osati mmene wotigulitsa anatifotokozera.

Pulogalamuyi ili ndi malo atatu oikamo malamulo: nyengo ya chaka, tsiku la sabata, ndi kuchuluka kwa zipinda zimene zagwidwa kale pa usiku umenewo. Imabwera ndi malamulo ake oikiratu, ndipo vuto loyamba linali pomwepo. Amene anaipanga ankaganiza za malo opumulirako, kumene anthu amapita kukadya ndalama kumapeto kwa sabata, motero inkakweza mtengo Lachisanu ndi Loweruka. Kwathu kuno zinthu n'zotembenuka. Alendo athu ndi anthu a ntchito: a mabungwe obwera kumisonkhano, a boma ochokera ku Lusaka kapena m'maboma ena a chigawo chino, ogulitsa katundu wa makampani, ndi amalonda odikira kuwoloka pa Mwami. Amafika Lolemba, Lachisanu m'mawa anyamuka. Masabata awiri oyambirira pulogalamu inkakweza mtengo masiku amene kunja kuli zii, ndipo Loweruka lina tinagona ndi mlendo mmodzi yekha.

Ndinatenga mabuku a parisepushoni a zaka ziwiri, n'kuwerenga zipinda zogonedwa tsiku ndi tsiku. Inanditengera madzulo anayi. Ntchito imeneyi pulogalamu singakugwirireni, koma popanda iyo mukungoponya mwala mumdima. Zinaonekeratu kuti Lachiwiri ndi Lachitatu tinkadzaza dzuwa lisanalowe n'kumabweza anthu pageti, pomwe Lamulungu nthawi zambiri tinkakhala ndi zipinda zitatu zokha. Ndiye ndinaika K580 kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, K480 Lachisanu ndi Loweruka, K420 Lamulungu. Pamwamba pake ndinaika makwerero: zipinda 7 zikagwidwa, zotsatira zimakwera ndi K50, ndipo zikafika 10, ziwiri zomalizazo zimakwera ndi K100.

Makwererowa ndiye chinthu chimene pulogalamuyi imachita bwino, ndipo ndikufuna ndikuonetseni Lachiwiri limodzi la mu Juni. Kale usiku wotere tikanagulitsa zipinda zonse 12 pa K500, kupeza K6,000. Usiku umenewo tinagulitsa 11. Zisanu ndi ziwiri zoyambirira zinapita pa K580, zitatu zotsatira pa K630, chimodzi pa K680. Zonse pamodzi K6,630, chipinda chimodzi chili chotseka. Amuna anga sanakondwe nacho chipinda chopanda munthucho, chifukwa tinakula ndi maganizo akuti loji yoyenda bwino ndi yodzaza. Koma chipinda chilichonse chogonedwa chimatidyera ndalama: kuchapa nsalu, sopo, chakudya cha m'mawa, madzi otentha, magetsi kapena mafuta a jenereta. Titawerengera tinapeza kuti kwa ife ndi pafupifupi K160 pa usiku. Chotsani imeneyo, muona kuti usiku wodzaza wakale unkatisiyira K4,080, pomwe usiku wa zipinda 11 unatisiyira K4,870. Kusiyana kwa K790 pa usiku umodzi kwalipira kale pulogalamu ya mwezi wonse.

Pakompyuta pamaoneka manambala atatu, Occupancy, ADR ndi RevPAR. Yoyamba ndi gawo la zipinda zimene zagonedwa, yachiwiri ndi mtengo wapakatikati wa zipinda zimene mwagulitsa, yachitatu ndi ndalama za usiku wonse mutazigawa ku zipinda zonse zimene muli nazo, zogonedwa ndi zosagonedwa zomwe.

```
RevPAR = ADR x Occupancy
```

Wotigulitsa anatiuza kuti tiziyang'ana RevPAR basi, ikakwera ndiye kuti zili bwino. Apa ndikutsutsana naye, ndipo ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Mu Januwale, mvula ili pakati, ndinatsitsa Lamulungu kufika pa K300 kuti ndikope anthu. Anabweradi, zipinda zisanu ndi chimodzi m'malo mwa zitatu. RevPAR inachoka pa K125 kufika pa K150, ndipo pakompyuta panaoneka kamuvi kobiriwira koloza kumwamba. Koma K1,800 mutachotsapo K960 ya zowonongera mutsala ndi K840. Zipinda zitatu zija pa mtengo wakale wa K500 zinkatisiyira K1,020. Tinachapa nsalu zambiri, tinakazinga mazira ambiri, n'kutsala ndi zochepa. Pulogalamuyi ilibe malo olembamo zowonongera pa chipinda, choncho singakuchenjezeni. Chimene ili nacho ndi malo oikamo mtengo wotsikitsitsa, umene singapitirire ngakhale malamulo onse atagwirizana kuti utsike. Wathu tsopano ndi K380. Pa K420 Lamulungu timapeza zipinda zisanu kawirikawiri, ndipo zimatisiyira K1,300.

Palinso china chosaoneka m'manambala. Mtengo ukatsika kwambiri, mtundu wa alendo umasintha. Masabata a K300 aja tinalandira anthu aphokoso usiku wonse, ndipo bambo wina amene wagona kwathu kwa zaka zambiri anandiitanira pambali m'mawa n'kunena kuti, "Amayi, pano pasintha, kodi mwagulitsa malowa?" Mawu amenewo anandipweteka kuposa K180 imene ndinataya.

Nkhani yaikulu ndi ya Nc'wala. Ndinali nditaika lamulo la nyengo lakuti kuyambira Disembala mpaka Malichi mitengo itsike ndi 15 peresenti, chifukwa nthawi ya mvula misonkhano imachepa, anthu ndalama zathera ku feteleza ndi kusukulu, ndipo odutsa kupita ku Mfuwe sakhala ambiri. Lamuloli n'labwino, kupatula sabata imodzi. Loweruka lomaliza la Febuluwale Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pamaso pa Inkosi ya Makosi Mpezeni, ndipo Chipata yense amasowa pogona. Mwana aliyense kuno amadziwa zimenezi, koma pulogalamu sidziwa, ndipo ine ndinaganiza kuti makwerero aja andigwirira ntchito. Anthu a Nc'wala amasungitsa malo msanga. Pofika kumapeto kwa Januwale zipinda zisanu ndi ziwiri zinali zitagwidwa kale pa Lachisanu ndi Loweruka lomwelo, chilichonse pa K408, mtengo wa nthawi ya mvula. Makwerero amayamba kugwira ntchito zipinda 7 zitapita, ndiye kuti amadzuka mbala itatuluka kale. Nditazindikira ndinaika zisanu zotsalazo pa K900 ndi manja anga, ndipo zinatha m'masiku awiri. Werengani nokha: K492 pa chipinda, zipinda zisanu ndi ziwiri, masiku awiri. Ndi K6,888 imene ndinaisiya panjira.

Ena anandilangiza kuti ndiwaimbire anthu asanu ndi awiri aja ndiwauze kuti mtengo wasintha. Sindinatero. Munthu anasungitsa malo pa mtengo umene ndinamuonetsa, ndipo cholakwa sichinali chake. Chimene ndikudandaula nacho kwa eni pulogalamu n'chakuti ilibe chenjezo lililonse. Zipinda zisanu ndi ziwiri kugwidwa mwezi wathunthu tsiku lisanafike, m'nyengo imene nthawi zonse timakhala opanda anthu, ndi chizindikiro choonekeratu kuti kukubwera chinachake. Ikanangotumiza uthenga pafoni bwenzi nditadzuka pa chipinda chachitatu. Tsopano Lolemba lililonse ndimatsegula kalendala ya masabata asanu ndi atatu akutsogolo, kufunafuna tsiku limene likudzaza mofulumira kuposa anzake.

Pa Kulamba ndinakonzekera. Mwambowu umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo popeza kumeneko ndi ku Katete, ife a ku Chipata timalandira amene asowa malo pafupi komanso ochokera ku Malawi kudzera pa Mwami. Sindinayembekezere chikhamu cha Nc'wala, choncho ndinaika K700 osati K900. Masiku amenewo ndinawachotsa m'malamulo ena onse kuyambira mu Meyi, ndinayatsa Minimum stay ya masiku awiri kuti munthu asanditsekere Lachisanu pogona Loweruka lokha, ndipo aliyense ankatumiza theka la ndalama pafoni posungitsa malo. Tinagulitsa zipinda 10. Mwina pa K650 zikanatha zonse, koma ndinakhutira.

Za chilimwe ndilibe zambiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene ogula soya, mtedza ndi chimanga ali ponseponse ndiponso msewu wa ku South Luangwa uli ndi alendo, mitengo ya masiku onse ija imakwanira, makwerero amachita zotsalazo.

Chovuta chimene pulogalamu singathetse chili parisepushoni. Mlendo amene analipira K580 dzulo akauzidwa K680 lero amaona ngati mtsikana wa padesiki akumubera. Zinachitika kangapo, ndipo mtsikana wathu wina analira. Tinachita zinthu ziwiri. Munthu akalowa pa mtengo wina, umakhala womwewo mpaka atatuluka, ngakhale awonjezere masiku. Ndipo mabungwe amene amatitumizira anthu mwezi ndi mwezi tinawapatsa mtengo wokhazikika wa K550 chaka chonse, kupatula masiku a miyambo iwiri ija, chifukwa iwo amafuna kotesheni isanafike sabata ya msonkhano ndipo ndalama ya malo ogona imene amapatsa antchito awo sisintha ndi tsiku. Pulogalamu imalola kusunga mitengo yotereyi padera, ngakhale kuti malo ake ndi obisika ndipo ndinachita kuimba foni kuti andilozere.

Imafunanso netiweki nthawi zonse. Magetsi akazima, netiweki n'kugwa, wa parisepushoni sadziwa kuti takwera pa khwerero liti. Tinamata pepala kuseri kwa desiki lokhala ndi mitengo ya masiku ndi makwerero ake, ndipo iye amangowerenga makiyi otsala pakhoma.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo talembetsanso chaka china. Mnzanga wa ku Lundazi ali ndi zipinda zisanu zokha, ndipo ndamuuza kuti asalipire K650, pepala lomata kuseri kwa desiki limukwanira. Wa ku Katete ali ndi 16, ndipo Loweruka likubwerali ndikupita kukakhala naye pansi ndi mabuku ake a parisepushoni, tikayambe ndi sabata ya Kulamba.