Bakapu ya pa intaneti kapena ya pakompyuta: ndi iti ingakubwezereni zinthu foni itasowa?

Foni ikalemba kuti bakapu yatha, ambiri mtima umakhala pansi. Koma mawu amenewo amangotanthauza kuti zinthu zinatuluka mufoni n'kupita kwinakwake. Sakulonjeza kuti tsiku limene foni idzagwere m'madzi kapena kubedwa, inu mudzatha kuzitenganso. Ndiye poyerekeza njira ziwirizi, yosunga pa intaneti ndi yosunga pachipangizo chanu, funso limene ndikulitsata ndi limodzi: foni palibe, simu khadi yapita nayo limodzi, kodi n'chiyani chingabwerere?

Njira ya pa intaneti, imene ena amaitcha kilaudi, ubwino wake waukulu ndi wakuti sidalira kukumbukira kwa munthu. Pa iPhone, bakapu ya iCloud imachitika yokha foni ikakhala pachaja, itatsekedwa, ndiponso ili pa Wi-Fi. Android nayo imatumiza yokha ku akaunti ya Google manambala a anthu, mameseji, mndandanda wa mafoni amene munaimba ndi mapulogalamu amene muli nawo. Moto kapena wakuba sangafike kumene zinthuzo zili. Kwa manambala ndi mameseji, zimene zimasintha tsiku ndi tsiku koma sizidya malo, sindikuonapo njira ina yoposa iyi.

Vuto limayambira pa malo. Google imapereka 15 GB yaulere, ndipo malo amenewa amagawana Gmail, Drive ndi Google Photos. Kuyambira pa 1 Juni 2021 zithunzi zatsopano zimawerengedwa m'malo omwewa, ndipo mu 2024 bakapu ya WhatsApp ya pa Android inayambanso kuwerengedwa momwemo. Apple imapereka 5 GB yokha. Malo akadzaza, bakapu imaima koma foni imagwirabe ntchito bwinobwino, ndiye munthu akhoza kukhala miyezi osadziwa kuti chithunzi chomaliza kusungidwa ndi chakalekale.

Palinso china chimene ambiri sachimvetsa, ndipo chimandidetsa nkhawa kwambiri. Google Photos ndi iCloud Photos zili ngati galasi loonera: zimaonetsa zimene zili mufoni. Mukafufuta chithunzi muli mkati mwa pulogalamuyo, chimafufutikanso ku intaneti. Chimakhala kaye m'malo a zotayidwa, masiku 60 ku Google Photos ngati chinali chitasungidwa kale, masiku 30 ku iCloud, kenako chimapitiratu. Choncho njirayi imakutetezani foni ikatayika, koma chitetezo chake n'chochepa ngati mwana wafufuta zithunzi inu n'kudzazindikira patapita miyezi itatu.

Apa m'pamene kopi ya pakompyuta, pafulashi kapena pahadi disiki imapambanira. Zimene mwakopera zimakhala mmene zinalili tsiku limenelo, kaya mufoni mwafufuta chiyani. Sizifuna bandulo, sizifuna netiweki, ndipo zimathamanga. Tangowerengani: kukweza 20 GB pa intaneti yothamanga 5 Mbps kumatenga pafupifupi maola 9, pamene pachingwe cha USB ntchito yomweyo nthawi zambiri siifika n'komwe pa ola limodzi. Kwa eni iPhone pali phindu lina: bakapu yopangidwa kudzera mu Finder pa Mac, kapena iTunes kapena Apple Devices pa Windows, mukaikapo chizindikiro pa Encrypt local backup, imasunganso mapasiwedi, makonzedwe a Wi-Fi ndi zolemba za umoyo. Koma pasiwedi ya bakapuyo mukaiiwala, palibe amene angakutsegulireni.

Zofooka zake n'zaumunthu. Timakopera lero, n'kudzakumbukiranso chaka chamawa. Fulashi timaisunga m'chikwama chomwecho muli foni, wakuba n'kutenga zonse pamodzi. Memori khadi yokhala mkati mwa foni sindiiwerengera n'komwe ngati bakapu, chifukwa imasowa limodzi ndi foniyo, ndipo ngati inakonzedwa kukhala mbali ya malo a mkati mwa foni, imakhala yokhomedwa moti foni ina siingaiwerenge. Komanso pa Android, kukopera mafoda pachingwe kumangotenga zithunzi, mavidiyo ndi mafayilo. Mameseji wamba ndi zamkati mwa mapulogalamu ambiri sizioneka pamenepo. Manambala muyenera kuwatulutsa panokha kukhala fayilo ya .vcf kudzera pa Export mu pulogalamu ya Contacts.

Tsopano tiyese. Tiyerekeze foni ya Android yokhala ndi zithunzi ndi mavidiyo 4,200 zodya 19 GB, WhatsApp ya 6 GB, ndi manambala 380. Tisanachite chilichonse, masamu atiuza kale kanthu: 25 GB siingalowe mu 15 GB. Ngati mwini wake salipira malo owonjezera, china chake chinatsalira, ngakhale iye akukhulupirira kuti zonse zili bwino.

Choyamba, zimitsani foniyo, muiike m'dirowa. Musaikhudze mpaka mutamaliza, chifukwa tsiku lenileni la vuto siidzakhalapo. Pitani pakompyuta, mutsegule zenera lachinsinsi la burawuza, lija silikumbukira maakaunti, muyese kulowa mu akaunti yanu ya Google kapena ya Apple. Apa ndi pamene anthu ambiri amakodwa. Ena pasiwedi sakuidziwa chifukwa akaunti anawatsegulira munthu wina pogula foni. Ena pasiwedi akuidziwa, koma akaunti ikupempha khodi yotsimikizira, ndipo khodiyo ikutumizidwa kufoni yomwe ija ili m'dirowa. Zinthu zonse zilipo, zasungidwa bwino, koma kiyi wakhomeredwa m'nyumba. Ngati zakuchitikirani poyesa, yatsani foni mukonze nthawi yomweyo. Ku Google, pansi pa 2-Step Verification, pali Backup codes: makhodi 10 a manambala 8, iliyonse yogwira ntchito kamodzi. Alembeni papepala, musawasunge mufoni. Ku Apple, onjezerani nambala yachiwiri yodalirika, ya munthu wa m'banja mwanu mwachitsanzo. Kenako zimitsaninso foni mubwereze.

Mukalowa, werengani. Pa contacts.google.com payenera kuoneka manambala 380. Mukapeza 210, ndiye kuti 170 otsalawo anasungidwa pasimu khadi kapena m'foni momwemo, ndipo sanapiteko ku intaneti. Pa photos.google.com yang'anani tsiku la chithunzi chapamwamba penipeni. Ngati munajambula dzulo koma chomaliza ndi cha miyezi inayi yapitayo, bakapu inaima nthawi imeneyo, mwina chifukwa malo anadzaza kapena foni ikudikira Wi-Fi imene siikuipeza. Onaninso ngati zithunzi za m'mafoda ena, monga Screenshots, Download ndi WhatsApp Images, zilipo, chifukwa kawirikawiri foda ya kamera yokha ndiyo imatumizidwa pokhapokha mutasankha enawo. Pomaliza tsitsani chithunzi chimodzi ndi vidiyo imodzi muzitsegule. Chithunzi chimene mufoni chinali 5 MB chikabwera chili chosakwana 2 MB, ndiye kuti munasankha Storage saver, imene imafinya zithunzi n'kuchepetsa zopitirira 16 MP, ndi mavidiyo kufika pa 1080p. Si cholakwika, koma muyenera kudziwa kuti chimene mwasunga si chenicheni chija.

Kopi ya pakompyuta kuyesa kwake n'kosavuta. Mukamaliza za pa intaneti, yatsani foni muyerekeze chiwerengero cha mafayilo ndi kukula kwa foda ya DCIM, mokhala zithunzi za kamera, pafoni ndi pa kopi. Pa Windows mumadina Properties. Ngati kopi ili ndi 3,950 pamene foni ili ndi 4,200, kukopera kunadukiza panjira, zimene zimachitika chingwe chikagwedezeka kapena foni ikadzitseka. Tsegulani fayilo yakale kwambiri, yatsopano kwambiri, ndi vidiyo yaikulu kuposa zonse, ndipo vidiyoyo muidumphitse mpaka kumapeto, popeza fayilo yoduka imatha kuyamba bwino n'kuima pakati. Ngati mavidiyo aakulu okha ndiwo akusowa, onani mmene fulashi inakonzedwera: FAT32 siilandira fayilo yofika 4 GB, pamene exFAT imalandira. Ndipo ngati mafayilo oyamba akutseguka koma omaliza ndi owonongeka ngakhale mayina ake akuoneka, kayikirani fulashiyo. Pali zachinyengo zimene zimanena kukula kumene zilibe.

Kuyesa kokwanira kumafuna foni yachiwiri imene mungaifufute yonse. Bakapu ya foni yathunthu, kaya ya Google kapena ya iCloud, imabwezeretsedwa pamene foni ikukonzedwa koyamba, ndiye foni yoyeserayo iyenera kuyambira pachiyambi. Musayesere pafoni yanu yokhayo. Dziwaninso kuti bakapu yochokera ku Android kapena iOS yatsopano siilowa mufoni ya mtundu wakale, ndipo Android idzakufunsani PIN kapena pateni yotsekera foni yakale ija, chifukwa ndiyo imakhoma bakapuyo. Amene amatsegula foni ndi chala nthawi zonse amatha kupeza kuti PIN anaiiwala kalekale.

WhatsApp imafuna kusamala kwapadera. Kuti macheza abwerere kuchokera ku intaneti, pamafunika nambala yomweyo ndi akaunti yomweyo ya Google kapena ya Apple, ndipo mukalembetsa nambalayo pafoni ina, foni yoyamba imatulutsidwa. Choncho musanayese, pitani ku Settings, Chats, Chat backup, muone tsiku ndi kukula kwa bakapu yomaliza, mudine Back up, kenako mukopere foda yonse iyi pakompyuta:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp
```

M'menemo muli Databases, mokhala macheza, ndi Media, mokhala zithunzi ndi mavidiyo. Pa chitsanzo chathu, bakapu ikamaonetsa 900 MB pamene WhatsApp ikudya 6 GB, nthawi zambiri ndi chifukwa Include videos siinayatsidwe, ndiye mavidiyo ali m'kopi ya pakompyuta yokha. Ngati munayatsa End-to-end encrypted backup, pasiwedi yake kapena kiyi ya zilembo ndi manambala 64 ikhale papepala lomwe lija la makhodi. Pobwezeretsa, funso lakuti Restore limabwera pamene mukulembetsa nambala. Mukadina Skip, macheza amayamba opanda kanthu, ndipo bakapu yotsatira ikhoza kulemba pamwamba pa yakale ija.

Kwa mwini foni ya chitsanzo chathu, ine ndingagawe chonchi. Manambala, mameseji ndi macheza a WhatsApp opanda mavidiyo azipita ku intaneti usiku uliwonse. Izi zikwana mu 15 GB popanda kulipira. Zithunzi ndi mavidiyo za 19 GB zija azizikopera pakompyuta kapena pahadi disiki kamodzi pamwezi, m'foda yatsopano yolembedwa tsiku, osafufuta yakale mpaka atatsegula yatsopanoyo n'kuona kuti ili bwino. Zithunzi zochepa zimene sangapirire kuzitaya, monga za ana ndi za zikalata, zikhale mbali zonse ziwiri. Amene amajambula tsiku lililonse pantchito yake, kwa iye mwezi ndi wautali kwambiri, ndipo kulipira malo owonjezera n'koyenera. Komabe kopi ya pakompyuta asaisiye, chifukwa cha nkhani ya galasi ija. Kuyesa kolowa mu akaunti foni ili m'dirowa kumatenga mphindi pafupifupi 20, ndipo ndi bwino kukubwereza nthawi iliyonse mukasintha nambala, pasiwedi kapena foni.