Milandu Iwiri ya ku England: McLoughlin ndi Alcock

Mu 1982, khoti la House of Lords linalola Mayi McLoughlin kupempha chipukutamisozi chifukwa chodwala maganizo, ngakhale sanaone ngozi ya galimoto yomwe inapha mwana wawo. Iwo anafika kuchipatala patangopita maola pafupifupi awiri, ndipo anapeza amuna awo ndi ana ena asanatsukidwe matope ndi mafuta, kotero khoti linati zimene anaonazo zinali mbali ya ngoziyo.

Bambo Alcock anakanidwa chipukutamisozi chotere ndi khoti lomwelo mu 1991. Mlamu wawo anafera pa ngozi ya kupanikizana kwa anthu pa bwalo la mpira la Hillsborough mu 1989, koma thupi analizindikira patadutsa maola pafupifupi asanu ndi atatu, kotero khoti linati zimenezi sizinali mbali ya ngoziyo. Komanso lamulo limangovomereza lokha chikondi cha makolo, ana, okwatirana ndi otomerana. Munthu wotaya mlamu wake ayenera kupereka umboni wa chikondicho, zomwe ine ndimaziona zowawa.