Ndege yotchipa yodikiritsa kapena yodula yachindunji? Ine ndimayamba kufunsa kuti matikiti ndi angati

Anzanga mwanditopetsa ndi funso lomweli, aliyense akafuna kukwera ndege amanditumizira zithunzi ziwiri eti ndisankhe iti, iyi yotchipa koma ndikakhala pa eyapoti maola 11, kapena iyi yodula yongonyamuka n'kukatera komwe ndikupita. Ndiye ndilembe kamodzi basi. Ndineneretu kuti yotchipayo ndili nayo mangawa, inandionetsa zakuda, moti ndikamaweruza mudziwe kuti mtima sunapole.

Zoti yachindunji imafika msanga mukudziwa kale, sindichedwa nazo. Zoti mipando ya pa eyapoti sigoneka, nazonso mukudziwa.

Chimene ambiri sayang'ana n'chakuti ulendo wodikirawo uli mitundu iwiri, ndipo pa foni imaoneka chimodzimodzi. Mtundu woyamba ndi tikiti imodzi, ndege ziwiri koma nambala yosungitsira malo ndi imodzi, ija ya zilembo ndi manambala 6. Apa kampani yalonjeza kukufikitsani kumapeto, katundu wanu nthawi zambiri amamumata tagi yolembedwa komwe mukukathera ndipo simumuonanso mpaka kufika, ndege yoyamba ikachedwa n'kuphonyetsa yachiwiri ndi udindo wawo kukuikani pa ina popanda kulipiranso. Mtundu wachiwiri ndi matikiti awiri osiyana amene wogulitsa wangowamata pamodzi kuti mtengo uoneke wotsika. Pamakhala kamawu kakang'ono kakuti self-transfer, pena kolembedwa mofiira pena kobisika pansi penipeni. Makampani awiriwo sakudziwana pa nkhani yanu. Woyamba ntchito yake ithera pamene wakutsitsani, wachiwiri akungodikira munthu amene afike pa nthawi yake, zoti mwachokera kuti alibe nazo ntchito.

Ine ndinagula mtundu wachiwiriwo osadziwa. Kuti masamu ayende bwino tinene kuti yachindunji inali 100, yotchipayo 68, kupita ndi kubwera. Ndinaona kuti ndatsala ndi 32 m'thumba, ndinakondwa zedi, paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Imelo itabwera inali ndi manambala osungitsira malo awiri, ndinaona ndithu koma ndinangoti mwina ndi mmene amachitira masiku ano.

Popita zinthu zinayamba kuvuta ndisanakwere n'komwe. Pa kauntala mayi uja anamata tagi pa sutikesi yanga, nditayang'ana yalembedwa mzinda wodikiriramo osati komwe ndikupita. Ndikuti amayi mwalakwitsa, iwo akuti ayi bambo tikiti yathu ithera pamenepo, mukatenge chikwama chanu mukachiperekenso kwa enawo. Tsono kutenga chikwama kumatanthauza chiyani? Lamba wa katundu amakhala kuseri kwa imigireshoni, ndiye kuti uyenera kulowa m'dzikomo ngati mlendo, adinde pasipoti, ndipo ngati pasipoti yako imafuna viza m'dziko limenelo uyenera kukhala nayo. Mwayi wanga unali woti dziko lija limagulitsa viza pofika, ndinalipira 8 ya mu masamu athu aja. Likanakhala dziko lofuna viza yotengeratu, mayi uja sakanandilola n'kukwera komwe, chifukwa kampani ikanyamula munthu wopanda mapepala oyenera imalipitsidwa chindapusa n'kumubweza pa ndalama zake.

Nditatulutsa chikwama ndinapita kukafuna kauntala ya kampani yachiwiri, kupeza mulibe munthu, akuti timatsegula kukatsala maola atatu kuti ndege inyamuke. Ine ndili ndi maola 11. Ndiye maola pafupifupi 7 ndinakhala kunja kwa malo odikirira aja, kumene kulibe mipando yokwanira, ndikukoka sutikesi ya makilo 23 ngakhale popita ku toileti. Itatsegulidwa kauntala akuti tikiti yanu ndi ya kachikwama ka m'manja kokha, sutikesi mulipire, ndipo mtengo wa pa kauntala ndi wokwera kuposa ukalipiriratu pa intaneti. Zina 9 zapita. Kudya ndi kumwa pa eyapoti maola onsewo, 4. Pa 32 paja patsala 11 ndisanabwerere n'komwe.

Koma chimene chinandipweteka kwenikweni ndi pobwerera. Ine ndinkaganiza kuti kudikira nthawi yaitali ndi chitetezo, kuti ngakhale ndege yoyamba ichedwe maola atatu kapena anayi ndipezabe yachiwiri. Zoona, ndege ikangochedwa kudikirako kumakutetezani. Koma ndege yanga sinachedwe, anangoichotseratu tsiku limenelo, akuti yawonongeka, tonse atiika pa ya mawa m'mawa. Kampaniyo sinalakwe kanthu kumbali yake, inatipatsa pogona, inandifikitsa pamene inalonjeza, kungoti tsiku lotsatira. Kufika pa kauntala ya kampani yachiwiri mnyamata wa pamenepo anangoyang'ana pa kompyuta n'kuti apa palembedwa no-show, simunabwere dzulo, tikiti yatha ntchito. Ndikufotokoza kuti si dala, ndege ina ija ndi imene inalephereka, ndili ndi kalata yake iyi, iye akuti pepani achimwene koma imeneyo si ndege yathu. Ndinangoti kakasi. Kuimbira amene anandigulitsa matikiti, foni ikungolira nyimbo mphindi 40, atayankha akuti chitetezo cholumikizira ndege chinali chogula padera ndipo simunachonge. Tikiti yatsopano ya tsiku lomwelo, njira imodzi yokha, inandidya 45, pamwamba pake ndinalipiranso viza ina ndi sutikesi kachiwiri. Mukaphatikiza zonse ulendo wa 68 uja unafika cha m'ma 150, ndipo ndinafika kunyumba mochedwa ndi tsiku lathunthu n'kujomba kuntchito.

Ndipo dziwani kuti zikanachitika popita bwenzi zili zoipa kuposa apa, chifukwa makampani ambiri ukaphonya gawo limodzi la tikiti amafufuta magawo onse otsala, ndiye kuti ndi wobwerera womwe ukanapita.

Ikanakhala tikiti imodzi nkhani yonseyi sikanakhalako. Ndipo malamulo ena amatsatira zomwezi, mwachitsanzo lamulo la mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya nambala 261 la 2004 limati ndege yonyamuka m'mayiko awo ikakufikitsa mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa pa vuto la kampani, umatha kupatsidwa chipepeso cha mayuro 250 mpaka 600 kutengera kutalika kwa ulendo, ndipo kuchedwako amakuwerengera pamene tikiti yako yathera. Ukakhala ndi matikiti awiri iliyonse imaweruzidwa payokha, zoti yoyamba inakuphonyetsa yachiwiri sizilowamo.

Tsono poti ndalankhula zoipa zambiri ndinene chilungamo, yodikira ya tikiti imodzi si yoipa ayi, ndakwerapo kangapo kuchokera nthawi imeneyo. Pena ndimaikonda kuposa ija yolumikiza mothamanga ya mphindi 50, imene iwe umathamanga n'kukwera koma sutikesi yako n'kutsala. Makampani ena akuluakulu amaperekanso hotela yaulere ngati kudikirako kwapitirira maola angapo ndipo panalibe ndege ina yofulumira, koma sangokupatsa, uyenera kufunsa kapena kulembetseratu, ndipo matikiti otchipitsitsa nthawi zina sawaphatikiza.

Ngakhale ili imodzi, viza yodutsira muifufuzebe musanalipire. Ku Amereka kulibe zoti ndikungodutsa, aliyense amadutsa pa imigireshoni ndipo amafunika chilolezo ngakhale akhale maola awiri okha. Ku Britain anthu a mapasipoti ena amafunika viza ngakhale asatuluke mu eyapoti. Ku Ulaya mukaima kawiri m'mayiko a Schengen, aja amene sachita chipikisheni pa malire a pakati pawo, ndege yapakatiyo imatengedwa ngati ya m'kati, ndiye kuti mwalowa ndipo viza yonse ikufunika. Onaninso zilembo zitatu za eyapoti, ngati mwatera pa LHR koma yachiwiri ikunyamukira pa LGW, onsewo ndi London koma ndi mabwalo awiri otalikirana, basi kapena sitima mulipira nokha mutanyamula katundu wanu. Kadi yachikasu ya katemera nayonso, mayiko ena amaifuna ngati mwakhala maola oposa 12 pa eyapoti ya dziko limene kuli matenda aja a chikasu ofalitsidwa ndi udzudzu, pamene mukanangodutsa mwachangu sakanafunsa.

Yachindunji nayo ili ndi kachinyengo kake kamodzi. Mawu akuti direct satanthauza kuti siima, amangotanthauza kuti nambala ya ndege sisintha, imatha kutera penapake kutsitsa ndi kukweza anthu inu muli khale ola lathunthu. Yosaima paliponse imalembedwa nonstop. Vuto lina n'lakuti njira zina yachindunji imauluka masiku ochepa pa sabata, ikalephereka mumadikira kapena amakuikani pa yolumikiza yomwe munkaithawa ija. Koma apo ndi iwo akuvutika kukufunirani njira, osati inu.

Kutopa ndingonena mwachidule, maola 6 masana ndi buku komanso chaja si kanthu, maola 11 usiku muli ndi mwana wa m'manja kapena agogo oyenda ndi ndodo ndi chilango.

Ndiye mukanditumizira zithunzi zija ine ndimachita chonchi. Ndimayang'ana kaye ngati pali self-transfer kapena separate tickets, ndipo ngati sizikuoneka bwino ndimapita pa tsamba la kampani ya ndegeyo n'kufufuza ulendo womwewo kuyambira koyambira mpaka kothera, ngati iwo eni sakuugulitsa ngati ulendo umodzi ndimayamba kukayikira kuti ndi womata. Kenako pa mtengo wotchipa uja ndimaonjezapo sutikesi, viza, chakudya, hotela ngati kudikirako ndi kwa usiku, ndi tsiku la ntchito limene litayike, paja ka +1 kamene kamakhala pambali pa nthawi yofikira kamatanthauza kuti mufika mawa lake. Zikatero ndi pamene ndimayerekeza ndi yachindunji.

Ikakhala tikiti imodzi, yosafuna viza, ndipo mutachotsa zonsezo mukupulumutsabe kotala ya mtengo kapena kuposa, tengani yodikirayo ngati simukuthamangira kanthu. Kusiyana kukakhala kochepa, ngati 10 pa 100, lipirani yachindunji mukagone pabedi panu. Ngati mukupita ku ukwati, ku mayeso kapena ku intavyu ya tsiku lodziwika, yachindunji basi kapena nyamukani kudakali masiku awiri. Koma ya matikiti awiri omata ija, pokhapokha muli ndi kachikwama ka m'manja kokha, pasipoti yolowa m'dzikomo popanda vuto, komanso ndalama yapadera yogulira tikiti ina zikavuta. Ine ngakhale zitatu zonsezo zitakwana sindiigulanso, lisiti ya 45 ija ndikadali nayo m'kabati.